Kupweteka Kumene Sikudikira Kuti Kuche

Tonsefe m'mimba mudatipotapo n'kusiya mokha. Lero ndikunena za kupweteka kwina, kumene munthu sagona nako m'nyumba.

Ndiyambe ndi amayi. Tiyerekeze mayi woyanika usipa wadumphitsa kumwezi kamodzi, mwina kawiri. Madzulo ena akumva kubaya m'chinena, mbali imodzi, ndipo timagazi tikudontha pang'ono. Akaimirira akuona chizungulire, zikhatho zayera, phewa nalo layamba kuwawa. Apa mwina mimba yakhala m'njira ya mazira osati m'chiberekero, ndipo njirayo yaphulika. Izi zimachitika kawirikawiri pakati pa sabata 6 ndi 10. Musapusitsidwe ndi kuchepa kwa magazi otuluka kunja, ambiri akutayikira m'kati momwe simukuona. Apongozi, si nthawi yofunsa kuti mimbayo ndi ya yani. Mayiyu akufunika opareshoni usiku womwewo.

Abambo, inunso. Mimba ikatupa n'kuuma ngati ng'oma, munthu osachita chimbudzi, mpweya womwe osatuluka, kenako n'kuyamba kusanza, matumbo atsekeka kapena apotana. Malo opotanawo magazi safikako, ndiye matumbo amayamba kufa. Musam'mwetse mankhwala otsegula m'mimba, kaya azitsamba kaya am'golosale, ndipo musam'patse phala, chifukwa madokotala angafune kumugoneka tulo kuti am'chite opareshoni.

Wosanza magazi kapena wochita chimbudzi chakuda bii, nayenso anyamuke. Kuno kunyanja likodzo la m'matumbo likakhalitsa limawononga chiwindi, mitsempha ya kum'mero n'kutupa mpaka kuphulika. Zilonda za m'mimba nazo zimataya magazi, ndipo Burufeni kapena Indosidi amangowonjezera vutolo.

Tsopano pachifuwa. Ambiri timati ndi chilungulira. Koma ngati pakulemera, pakufinya kwa mphindi 15 osasiya, thukuta lozizira lili kamukamu, mpweya ukubanika, ululu ukuyenderera kudzanja lamanzere kapena kunsagwada, umenewo ungakhale mtima, makamaka kwa odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mukhazikeni pansi atatsamira. Asayende wapansi, asapalase njinga kapena bwato.

Pa zonsezi, thamangirani kuchipatala chapafupi, muwauze achipatala nthawi imene ululu udayamba ndi mankhwala onse amene wamwa, azitsamba omwe, musabise. Iwo akaona kuti nkhani ndi ya opareshoni adzamutumiza kuchipatala chachikulu ku Mangochi boma. Tengani buku lake la kuchipatala, ndi achibale awiri athanzi oti angapereke magazi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi zambiri chochedwetsa ndi mayendedwe. Agogo mfumu, ndikupempha kuti tisanabalalike tigwirizane: ndi a kabaza ati amene tingawadzutse usiku, ndipo ndalama ya mafuta isungidwe ndi ndani?