Ludzu Losatha ndi Madzi: Kapimidwe ka Munthu Wamkulu Wotsekula M'mimba kwa Nthaŵi Yaitali

Anthu a kwa Kawinga ndi a madera ena a Machinga ndi Balaka akuidziŵa bwino kolera, pakuti mliri waukulu umene unasautsa dziko lonse la Malaŵi m'chaka cha 2022 ndi 2023 unayamba kuonekera m'boma la Machinga. Kolera imagwetsa munthu tsiku limodzi, ndipo mudzi wonse umadzidzimuka. Koma kulinso kutsekula m'mimba kwina kumene sikudzidzimutsa munthu. Kumayenda pang'onopang'ono, masabata ndi miyezi, mwini wake akulimabe ndi kupita kumsika wa pa Ntaja, kufikira tsiku limene miyendo ikana kumnyamula. Madokotala amati kutsekula kwakhalitsa kukapitirira masabata anayi, ndipo pamenepo amafuna kudziŵa zinthu ziŵiri: madzi ndi mchere zimene thupi likutaya tsiku lililonse, ndiponso ngati chakudya chikuloŵa m'magazi kapena chikungodutsa.

Kuti zimveke, nkofunika kuyamba ndi ntchito ya matumbo. Munthu amamwa ndi kudya madzi okwana malita aŵiri pa tsiku, koma thupi lenilenilo limathira m'njira ya chakudya malita ena asanu ndi limodzi kapena asanu ndi aŵiri: malovu, madzi a m'chifu, ndulu ndi madzi a kapamba. Matumbo aang'ono, amene mwa munthu wamkulu amatalika mamita atatu kapena kuposerapo kwambiri, amabweza pafupifupi madzi onsewo m'magazi, ndipo matumbo aakulu amatsopa otsalawo. Chimene chimatuluka m'chimbudzi cha munthu wabwino sichidzaza ngakhale kapu imodzi ya madzi. Tsono matumbo aang'ono akadulidwa, natsala osafika masentimita 200, munthuyo amataya madzi amene wamwa, nataya ndi madzi a thupi lake lomwe.

Chitsanzo chake nachi. Bambo wina wa zaka 45, mlimi wa mpunga wa kufupi ndi nyanja ya Chiuta, anapotokoka matumbo. Pamene ankafika pa tebulo la opaleshoni mbali yaikulu inali itafa kale, ndipo madokotala anaidula, natulutsira mapeto a thumbo lotsalalo pakhungu la mimba, pamene chimbudzi chimagwera m'kathumba ka pulasitiki. Anapulumuka, nabwerera kumudzi. Patapita masiku khumi, mkazi wake anabwera naye kuchipatala panjinga ya kabaza. Mwamunayo anali ndi chizungulire, minofu ya m'miyendo inkakokana usiku, ndipo ludzu silinkamchoka.

"Adokotala, ine sindinawamane madzi," anatero mayiwo. "Tiyi, thobwa, madzi a pamjigo, zonse ndikuwapatsa usana ndi usiku."

Dokotala sanayambe ndi mankhwala. Anapempha buku la kuchipatala la wodwalayo, naŵerenga zimene analemba amene anachita opaleshoni. Funso lake silinali lakuti anadula thumbo lalitali bwanji, koma lakuti latsala lalitali bwanji, latsala mbali iti, ndiponso ngati matumbo aakulu akali olumikizidwa. M'bukumo munalembedwa kuti anatsala masentimita 130 a mbali yakumtunda, kuti mbali yakumapeto inachotsedwa, ndi kuti matumbo aakulu alipo koma sakulandira kanthu. Nchifukwa chake buku lotere siliyenera kutayika kapena kusiyidwa kumudzi. Limanena zimene maso ndi manja a wopima sangathe kuziona.

Kenaka anamkweza pasikelo. Tsiku lotuluka m'chipatala ankalemera makilogalamu 56, koma tsopano sikelo inaonetsa 52. Mnofu ndi mafuta sizisungunuka msanga chotero. Kulemera kumene kwatsika m'masiku oŵerengeka kwambiri kumakhala madzi, ndipo kilogalamu imodzi ndi lita imodzi. Anamuyeza kuthamanga kwa magazi ali chigonere, napeza 105 pa 70. Atamuimiritsa, nambala yam'mwambayo inagwa kufika pa 80, mtima unayamba kugunda mofulumira, ndipo anagwira khoma. Nambala imeneyo ikatsika ndi 20 kapena kuposerapo munthu akaimirira, ndiye kuti m'mitsempha madzi achepa. Lilime linali louma ndipo maso analoŵa m'kati. Kutsina khungu kuti aone ngati libwerera msanga, kumene kumathandiza kwambiri popima mwana, sikudalirika mwa munthu wamkulu woonda, pakuti khungu lake limakhala lofota kale.

Koma muyeso woposa yonse unali wosafuna makina. Atamuika diripi ya madzi amchere, namwino anapatsa mayi uja jagi yokhala ndi mizere, chigubu ndi pepala, nawauza kuti kwa maola 24, kuyambira 6 koloko m'maŵa kufikira 6 koloko ya m'maŵa mwake, alembe chilichonse chimene amuna awo amwa, chimene chatuluka m'kathumba, ndi mkodzo wonse, chilichonse padera. Mayiwo anafotokozanso mmene zinkakhalira kumudzi: malita atatu ndi theka akumwa pa tsiku. Pepala litabwera linaonetsa mamililita 2,500 a m'kathumba, ndi mamililita 400 okha a mkodzo, wofiirira ngati tiyi. Munthu wamkulu amene madzi akumkwanira ayenera kukodza mamililita osachepera 800 kapena 1,000 pa tsiku, ndipo kathumba kotulutsa mamililita oposa 1,500 nkofunika kukayang'anitsitsa. Mkodzo ndiwo mboni yokhulupirika kuposa ludzu, chifukwa impso zimayamba kuumira madzi munthu asanagwe.

Apa mpamene pali chinthu chovuta kuchikhulupirira. Lita iliyonse yotuluka m'thumbo lakumtunda imanyamula mchere wokwana pafupifupi magalamu asanu ndi limodzi. Bambo uja tsono ankataya magalamu 15 a mchere tsiku ndi tsiku. Thumbo lakumtundalo lili ndi khalidwe lakuti likalandira madzi opanda mchere, limakoka mchere wa m'magazi kuti usakanikirane ndi madziwo, ndipo madzi ena amautsatira. Mwa munthu wamatumbo athunthu zonsezo zimabwezedwa kumunsi. Mwa bamboyu kumunsiko kunalibe, motero kapu iliyonse ya tiyi inkatuluka itatenga mchere wa thupi lake. Pomva ludzu ankamwa, pomwa ankataya, potaya ludzu linkakula. Mkazi wake anachita chimene munthu aliyense wachifundo akanachita, ndipo dokotala anawauza momwemo asanawauze zoti asinthe.

Magazi anatumizidwa kukapimidwa, ndipo anaonetsa kuti impso zayamba kutopa. Mchere wa sodiyamu m'magazi unali pafupi ndi muyeso wabwino, chinthu chimene chimasokeretsa wopima wosasamala, pakuti thupi limayesetsa kusunga nambala imeneyo ngakhale nkhokwe yake itatha. Kumene kuli zipangizo, amapima sodiyamu wa mu mkodzo, ndipo akapezeka wosafika mamilimo 20 pa lita ndiye kuti impso zikugwiritsa kambewu kalikonse ka mchere. Kukokana kwa minofu kunaloza ku mchere wina wotchedwa maginiziyamu, umene umatha msanga mwa anthu otere. Si chipatala chilichonse chimene chingaupime, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene wodwala wotere amatumizidwira kuchokera kuchipatala chaching'ono kupita kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, mwinanso mpaka kuchipatala chachikulu cha ku Zomba.

Chithandizo chinatsata miyesoyo. Madzi wamba, tiyi ndi thobwa zinachepetsedwa kufika pafupifupi theka la lita pa tsiku, ndipo m'malo mwake ankamwa pang'onopang'ono lita imodzi ya madzi a mchere ndi shuga. Madzi a Thanzi ORS ali ndi sodiyamu wa mamilimo 75 pa lita, amene amakwanira kutsekula kwa masiku onse. Thumbo lalifupi lotere limafuna 90 kapena kuposerapo, motero achipatala anakonza msanganizo wodziŵika ndi dzina la chipatala cha St Mark's cha ku London: magalamu 20 a gulukosi, 3.5 a mchere ndi 2.5 a soda m'lita imodzi ya madzi. Anampatsanso mapiritsi ochedwetsa matumbo, omwa theka la ola asanadye, ndi kumuuza kuti azithira mchere wambiri m'ndiwo. Pasanathe sabata, kathumba kanatsika kufika pa 1,400, mkodzo unakwera kufika pa 1,100, ndipo sikelo inaonetsa 54. Omvera azindikire kuti lamulo lochepetsa madzili ndi la munthu wa thumbo lalifupi yekha, ndipo limaperekedwa ndi dokotala atapima. Wodwala kolera kapena kutsekula wamba sayenera kumanidwa madzi.

Funso lachiŵiri, la chakudya, limayankhidwa ndi miyezi. Bamboyu asanadwale ankalemera makilogalamu 62, ndipo kutaya gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi m'miyezi yosaposa isanu ndi umodzi ndi chizindikiro chachikulu. Wopima amayeza kuzungulira kwa mkono pakati pa phewa ndi chigongono, amayang'ana m'zikope ngati magazi achepa, amaona ngati lilime lasalala ndi kufiira, m'mbali mwa milomo mwang'ambika, kapena mapazi atupa. Kutupako kumabisa kuonda, chifukwa sikelo siisiyanitsa madzi ndi mnofu. Mbali yakumapeto ya matumbo aang'ono, imene bamboyu alibenso, ndiyo yokha imene imalandira vitamini B12. Chiŵindi chimasunga vitaminiyo wokwanira zaka zingapo, motero dzanzi la m'mapazi ndi kuchepa kwa magazi zingadze iye ataiŵala kale za opaleshoni. Ayenera kumabayidwa jakisoni wake moyo wake wonse.

Nanga munthu amene sanadulidwe thumbo koma akutsekula miyezi? Miyeso ya sikelo, mkodzo ndi kuimirira ndi yomweyo, koma mafunso amasiyana. Dokotala amafunsa ngati kutsekulako kumamdzutsa usiku, ngati muli magazi, ngati thupi limatentha, ndi mankhwala amene akumwa. Amapima HIV, amaganizira za TB ya m'matumbo, ndipo amaunika chimbudzi kufuna tizilombo ndi mazira a likodzo la m'matumbo. Khungu lakuda ndi lokakala pakhosi ndi kunja kwa manja, mwa munthu wodya nsima yokha popanda ndiwo zokwanira, limaloza ku nthenda ya pelagira, imene nayonso imatsekula m'mimba. Chimbudzi chimene mafuta ake sanagayike chimakhala chochuluka, chotuŵa, chonona ndi chonunkha kwambiri, ndipo mabuku amati chimayandama pamadzi. Koma m'chimbudzi chokumba palibe angaone zimenezo, nchifukwa chake namwino amapereka kachitini kuti chionedwe ndi maso.

Bambo wa ku Chiuta anapita kwawo ndi jagi yake ndi kope lolembamo, atalangizidwa kuti azikwera sikelo sabata iliyonse, ndi kuti abwerere msanga mkodzo ukachepa kapena kulemera kukatsika ndi makilogalamu aŵiri, makamaka m'miyezi yotentha ya Okotobala ndi Novembala pamene thukuta nalo limatenga gawo lake. Madokotala anamlembera tsiku loti adzamuonenso, kuti thupi likalimba adzalumikize thumbo lotsalalo ndi matumbo aakulu, amene adzayambenso kutsopa madzi ndi mchere zimene tsopano zikugwera m'kathumba.