Nyama Yofa Yokha Isadyedwe

Mafumu ndi alimi nonse a ku Mangochi, a m'mbali mwa nyanja ndi a kutsidya kwa Malombe, tamverani mawu awa. Ng'ombe, mbuzi kapena mvuu ikapezeka itafa yokha, ambiri amanola mipeni, nati, "Ndiwo zabwera zokha." Koma ndinena nanu kuti nyama yotere isasendedwe, isagawidwe, ndipo isadyedwe, pakuti mwina yafa ndi nthenda yoopsa yotchedwa anthirakisi.

Nthendayi siili kutali ndi ife. Kumapeto kwa chaka cha 2018 mvuu zoposa 40 zinafa nayo mumtsinje wa Shire, m'nkhalango ya Liwonde, kumunsi kwa Malombe. M'chaka cha 2011, m'boma la Chama ku Zambia, mvuu zinafanso chomwecho mumtsinje wa Luangwa, ndipo anthu anazisenda nadya. Oposa 500 anadwala, ndipo 5 anamwalira.

Chiyambi chake ndi ichi. Tizilombo ta nthendayi, tosaoneka ndi maso, timakhala m'dothi. Nthawi ya chilimwe msipu ukatha, nyama zimadya mpaka pansi ndi kumeza dothi lomwe. Tizilomboto tikalowa, timaswana m'magazi, ndipo ng'ombe imene inalowa m'khola madzulo ili yonenepa ipezeka m'mawa ili gone.

Mungaizindikire bwanji? Imfa yake ndi yadzidzidzi. Magazi akuda, osaundana, amatuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Mimba imatupa msanga, ndipo miyendo siiuma gwa monga ichitira nyama ina yakufa. Koma dziwani kuti zizindikiro izi sizioneka nthawi zonse. Chifukwa chake lamulo likhale limodzi pa nyama iliyonse yofa yokha.

Taganizani za ng'ombe imodzi yotere pamudzi panu. Anyamata asenda, ndipo mmodzi ali ndi kabala pa chala. Asanathe masiku 7, pa dzanja pake pabuka katsungu koyabwa, kamene kasanduka chilonda chakuda pakati ngati khala, chotupa m'mbali koma chosawawa. Popeza sichiwawa, iye achedwa kupita kuchipatala. Mayi amene anasenza nyama pamutu, magazi nayenderera, chilondacho chimtuluka pakhosi kapena pankhope. Ana amene anadya yootcha ayamba kutentha thupi, kusanza, kupotokola m'mimba ndi kutsegula magazi. Iyi ya m'mimba ndiyo ikupha msanga.

Tsoka silithera pomwepo. Nyama ikatumbulidwa, magazi nakomana ndi mpweya, tizilombo tija timadzikuta m'chikhungwa cholimba, ndipo tikhala m'dothi zaka makumi ambiri, monga njere za kaufiti zidikira m'munda. Pamene munasendera nyama lero, pamenepo ng'ombe za adzukulu anu zidzafera.

Ena amati, "Tiithira mchere, tiiyanika, tiiwamba pautsi ngati chambo." Mchere, dzuwa ndi utsi sizipha tizilomboti, ngakhale chikopa chouma chimakhala nato. Ena amati, "Tiiphika kwambiri." Koma wosenda ndi wodula atenga kale nthenda mphika usanafike pamoto. Enanso, podziwa kuti Chisilamu chiletsa nyama yofa yokha, amathamangira kuzinga chiweto chodwala chisanatsirizike. Abale anga, mpeni suchotsa nthenda m'magazi. Yodwala ikhala yodwala ngakhale yazingidwa bwino.

Tsono chitani chotere. Choyamba, musaitumbule, musaikhudze ndi manja. Chachiwiri, ifunditseni ndi nthambi zaminga kuti agalu, afisi ndi miimba asaing'ambe, ndipo ana ndi ziweto zina asayandikire. Chachitatu, tumizani mthenga tsiku lomwelo kwa mlangizi wa ziweto. Ikakhala mvuu, auzeni a zanyama zakutchire. Chachinayi, monga adzakulangizani iwo, itentheni pomwe yaferapo mpaka isanduke phulusa. Nkhuni zikasowa, kumbani dzenje lakuya mamita 2, kuposa msinkhu wa munthu wamtali, kutali ndi chitsime ndi dambo, ndipo mukwirire pamodzi ndi dothi lonse lamagazi. Musaiponye m'nyanja kapena mumtsinje.

Munthu amene anaikhudza kapena kuidya kale apite kuchipatala osadikira chilonda, nanene poyera chimene anachita. Mankhwala alipo, ndipo amachiza wofika msanga. Katemera wa ziweto aliponso, wobaya chaka ndi chaka. Funsani mlangizi za ziweto zotsala.

Inu mafumu, mwini ng'ombe ali pa chisoni, ndipo adzafuna kugulitsa nyamayo motchipa kuti apezeko kangachepe. Iye yekha sangathe kudziletsa. Mawu anu ndiwo adzatseka msika wotere. Itanani anthu anu pabwalo, muwauze lamuloli nyama isanafe, pakuti pa tsiku la imfa yake mipeni idzakhala itanoledwa kale.