Magazi a pofika ku Doha si chiphaso cha moyo wonse

Ndikukuyankhulani kuchokera ku Al Khulaifat, kuno ku Doha. Lero ndikufuna tikambe za mawu amene ndimawamva kawirikawiri: "Ine anandiyeza pofika, ndili bwinobwino."

Ee, ku Medical Commission amatitenga magazi n'kuyeza HIV tisanalandire chilolezo chokhalira kuno. Koma zotsatirazo zimangonena za nthawi imeneyo basi. Komanso kachilombo sikaoneka msanga. Tinene kuti wagonana popanda kondomu pa 1 Malichi, n'kukayezetsa pa 10 Malichi. Akakuuza kuti ulibe, usadumphe ndi chimwemwe. Zipangizo zoyezera mwachangu zija zimatha kutenga masiku 90 kuti zikaone, ndiye ukayezetsenso mu Juni. Chinzonono nacho chili ndi kayezedwe kake, ndipo kwa atsikana ambiri chimakhala phee, osaonetsa chizindikiro.

Nanga chinsinsi? Apa tisanamizane. Kuno kugonana musanakwatirane ndi mlandu, ndipo mlendo wopezeka ndi HIV akhoza kubwezedwa kwawo. Choncho usanaulule zambiri, mufunse dokotala kuti, "Zimene ndikuuzenizi zikafika kwa ndani?" Koma ukaona mafinya, zilonda, kapena ukamva kuwotcha pokodza, usadikire tchuthi. Pita kuchipatala.

Ukafika kumudzi, kayezetse bwinobwino, monga ku Banja La Mtsogolo, n'kufunsanso za kulera. Jakisoni wa Depo amatha pa miyezi 3, pomwe kulera kwa pamkono kumagwira zaka 3 kapena 5. Zonsezi zimateteza mimba yokha. Matenda, ndi kondomu.