Chikuku chikalowa m'mudzi, werengani mpweya wa mwana

Chikuku mumachidziwa ndi zidzolo, koma pamene zidzolo zikutuluka mwana amakhala atayamba kale kupatsira anzake. Amapatsira kuyambira masiku 4 zisanaoneke mpaka masiku 4 zitatuluka, ndipo kachilombo kamatsala mumpweya wa m'nyumba kwa maola awiri iye atatulukamo.

Titenge mwana wa chaka ndi miyezi iwiri amene sanabayitse katemera. Atakumana ndi wodwala, padutsa masiku 10 kapena kuposerapo ali bwinobwino. Kenako thupi litentha, atsokomola, mamina achucha, maso afiira. Mukamuyasamitsa mutha kuona timadontho toyera mkati mwa masaya. Patapita masiku atatu kapena anayi zidzolo ziyambira kuseri kwa makutu ndi kumaso, n'kutsikira pachifuwa mpaka kumiyendo.

Apa m'pamene ndimadandaula, chifukwa maso onse amakhala pakhungu pomwe chotitengera ana ambiri ndi chibayo. Mwana ali chete, asakulira, mukwezeni malaya muwerenge kupuma kwake kwa mphindi yathunthu, foni ikuthandizani. Wa msinkhu uwu, mpaka zaka 5, akafika 40 ndiye kuti akupuma mofulumira. Wa miyezi iwiri mpaka 11 malire ake ndi 50. Mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, kapena wakana bere, kapena wakomoka, nyamukani ngakhale usiku. Musamutsekere m'nyumba kudikira kuti chikuku chituluke chonse. Akatsegula m'mimba mupatseni Thanzi, bere lisaleke.

Kuchipatala akalandira vitamini A, chifukwa chikuku chimamaliza vitamini ameneyu m'thupi, diso n'kuuma, kuchita chilonda, mwana n'kukhala wakhungu. Mwana wathuyu adzamudulira kapisozi kofiira n'kumufinyira mkamwa tsiku lomwelo, kenanso mawa lake, ngakhale atakhala kuti analandira posachedwa kusikelo. Wa miyezi 6 mpaka 11 amalandira kabuluu, komwe ndi theka la kofiira. Ngati maso ayamba kale kuwonongeka, adzakuuzani kuti mubwerenso pakapita masabata angapo. Chonde, m'masomo musathiremo zitsamba.

Akuluakulu mukukumbukira 2010, pamene chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'Malawi muno, ena mwa iwo ana asukulu ndi achinyamata. N'chifukwa chake mliri ukabuka katemera amayambira pa miyezi 6 n'kukwera mpaka ana okulirapo, ndipo wobayitsa kale amabayidwanso. Mwana akatuluka zidzolo ndi kutentha thupi mundiuze tsiku lomwelo, kuti achipatala atenge magazi akayeze.

Amayi a makanda, mvetsetsani apa. Wobayidwa ali ndi miyezi 6 kapena 7 sanamalize. Mubwere nayebe kusikelo pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, buku lake lili m'manja.