Chimanga chiume kaye chisanalowe m'thumba

Chaka ndi chaka timathamangira kugulitsa chimanga kwa mavenda mu Meyi ndi Juni pamtengo wolira, kenaka n'kukachigulanso chodula mu Januwale. Ambiri sitichita izi chifukwa cha ngongole zokha ayi. Timaopa kuti chikakhalitsa m'nyumba chifumbwa kapena kuchita chuku.

Mavuto onsewa amayambira pa chinyezi. Chimanga choyenera kusungidwa chisapitirire 13 peresenti. Makina oyezera tilibe, koma botolo ndi mchere tili nazo. Pezani botolo lagalasi louma bwino m'kati. Mcherewo muyambe mwauyanika padzuwa kapena kuukazinga, chifukwa mchere wonyowa ukunamizani. Thirani chimanga chosola osafika theka la botolo, muonjezere masipuni awiri kapena atatu a mchere, mutseke, mukhutchumule kwa mphindi imodzi, n'kulisiya kwa mphindi 15. Mukakhutchumulanso n'kuona mchere ukumatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chibwerere padzuwa, pamphasa kapena palona, osati padothi.

Wina anena kuti, "Ine ndimangoluma njere n'kudziwa." Chabwino, koma kumosungira katundu kwa kopaletivi kumabwera matumba a anthu ambiri, ndipo mano athu ndi osiyana. Ine ndikuti komiti iyeze chimanga cha membala aliyense pakhomo, angakhale cha a tcheyamani. Chuku china chimasiya poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika nsima sikumuchotsa. Chimanga choola musachigayitse, musapatsenso nkhuku.

Chikauma, tonolani chonse. Nankafumbwe wamkulu, amene adalowa m'dziko muno kuchokera ku Tanzania chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amakonda chimanga cha pachitsononkho, ndipo amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe. Mumamuzindikira ndi ufa wambiri umene amasiya pansi.

Tsopano za matumba a PICS. Thumbali lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Silifuna mankhwala, tizilombo timafa tokha mpweya ukatha. Musanathire chimanga, kokerani mpweya m'pulasitiki iliyonse n'kuifinya kuti muone ngati ili ndi chiboo. Petani chimanga, zinyalala zakuthwa zingaboole. Mukathira, finyani mpweya utuluke, mupotokole kukamwa, mupinde ndi kumanga pulasitiki yam'kati payokha, yachiwiri payokha, saka pomaliza. Koma dziwani kuti thumbali siliumitsa chimanga. Mukatsekeramo chachinyezi mudzapeza chitasasa, ndalama ya thumba yapita, chakudya chapitanso.

Matumba akhale pamitengo yoyala, asagunde khoma, kuti makoswe asowe pobisala. Khoswe akaboola kamodzi, nankafumbwe wapeza mpweya. Chodya masiku onse chikhale m'thumba lakelake, enawo osamangowatsekulatsekula.