Kalata Yopempha Banki Kuti Ikhululuke Chindapusa cha Kuchedwa Kulipira

Amayi ndi abambo, abale ndi alongo amene mumagwira ntchito m'nyumba ndi m'mafamu kuno ku South Africa,

Ambiri a inu muli ndi ngongole ku banki imene imadulidwa yokha mu akaunti mwezi ndi mwezi, zija timati debiti oda. Tsiku lodula likafika mu akaunti mulibe ndalama zokwanira, debiti odayo imabwerera, ndipo banki imakulipiritsani chindapusa. Lero ndikufuna tikambirane za kalata yopempha kuti chindapusa chimenechi chichotsedwe, pamene kuchedwa kwanu kunadza chifukwa cha vuto lenileni monga matenda, maliro kapena kuchedwa kwa malipiro.

Choyamba, dziwani kuti kalata imeneyi ndi pempho. Ngati chindapusacho chili m'pangano limene munasayina, banki ili ndi ufulu wovomera kapena kukana. Amene adzawerenge kalata yanu sakudziwani, ndipo kuti achotse ndalamayo ayenera kukhala ndi chifukwa chooneka choti alembe m'mabuku a banki. Choncho kalata yolira kwambiri yopanda masiku ndi manambala siimuthandiza. Imene imamuthandiza ndi yaifupi, yonena zinthu zimene iye angathe kuzitsimikiza.

Musanalembe, tengani sitetimenti ya akaunti yanu ku nthambi ya banki kapena pa foni, ndipo muone bwino chimene adula. Kawirikawiri pamakhala zinthu ziwiri zosiyana. China ndi chindapusa cha debiti oda yobwerera, chimene chimalembedwa pa mzere wakewake, ndi tsiku lake ndi ndalama yake. China ndi chiwongola dzanja chimene chimawerengedwa pa ndalama imene yachedwa. Lamulo la ngongole la dziko lino, National Credit Act la chaka cha 2005, silimalola kuti chiwongola dzanja cha ndalama yochedwa chipose chimene chili m'pangano la ngongoleyo. Mukapempha kuti akuchotsereni "zonse", wowerenga sadziwa poyambira. Tchulani mzere umodzi, tsiku lake ndi ndalama yake.

Tiyerekeze kuti pali mayi wina wogwira ntchito m'nyumba ku Johannesburg. Amalandira malipiro ake pamanja pa mapeto a mwezi, n'kukaika R650 mu akaunti kuti banki idule pa 1. Mayiyu anagonekedwa m'chipatala kuyambira pa 27 Meyi mpaka pa 4 Juni, ndipo abwana ake anamupatsa malipiro pa 8 Juni. Debiti oda ya pa 1 Juni inabwerera, ndipo tinene kuti banki inadula chindapusa cha R100. Chinthu chanzeru chimene anachita n'chakuti pa 9 Juni anayamba walipira R650 ija, n'kusunga lisiti, kenako n'kulemba kalata. Pamwamba analemba dzina lake monga lilili pa pasipoti, nambala ya akaunti, nambala ya foni ndi tsiku. Mawu ake anali otere:

"Ndikupempha kuti mundichotsere chindapusa cha R100 chimene munadula pa 1 Juni chifukwa cha debiti oda ya R650 imene inabwerera. Ndinagonekedwa m'chipatala kuyambira pa 27 Meyi mpaka pa 4 Juni, ndipo malipiro anga ndinalandira pa 8 Juni. Ndinalipira R650 yonse pa 9 Juni. M'miyezi 14 ya ngongoleyi sindinachedwepo. Ndaphatikiza kope la kalata ya kuchipatala, kalata ya abwana anga ndi lisiti. Ndikupemphanso kuti tsiku lodula lisunthidwe kuchoka pa 1 kupita pa 5, ndiponso kuti mundiyankhe polemba."

Taonani mmene kalatayi yayendera. Chiganizo choyamba chanena kale chimene akufuna. Masiku a matenda akugwirizana ndi tsiku limene debiti oda inabwerera, ndipo apa ndi pamene pali mphamvu ya pempho lonse: akanakhala kuti anadwala mu Malichi, umboniwo sukanafotokoza kuchedwa kwa mu Juni. Mbiri yake ya miyezi 14 banki ingathe kuiona yokha pa makina ake, choncho musalembe kuti simunachedwepo ngati munachedwapo. Bodza limodzi looneka limachititsa kuti zoona zonse zikayikiridwe. Pomaliza, kupempha kusuntha tsiku kukusonyeza kuti vutoli silibwereranso. Inu a m'mafamu amene mumalandira pa masabata awiri alionse, sankhani tsiku lotsatira malipiro amene mumawadalira kwambiri.

Nanga ngati simunathe kulipira ndalama yochedwayo? Lembanibe, koma nenani tsiku ndi ndalama zimene mungakwanitsedi. Ndi bwino kulonjeza R325 pa 15 ndi R325 ina pa 30 n'kukwaniritsa, kusiyana ndi kulonjeza zonse mawa n'kulephera. Musasiyenso kulipira ngongole podikira yankho, chifukwa kalata siimitsa chiwongola dzanja.

Za umboni, ndikudziwa kuti ambiri mumalipidwa pamanja popanda pepala lililonse, ngakhale kuti lamulo la ntchito limafuna kuti abwana azikupatsani pepala losonyeza malipiro. Pemphani abwana alembe mizere iwiri yokha yonena tsiku limene anakulipirani, asayine. Akakana, mungathe kukalemba chikalata cholumbira, chija amati afidaviti, ku polisi, ndipo kumeneko salipiritsa. Ngati munapita kumudzi ku maliro, kope la chikalata cha imfa ndi zidindo za pachipata zimene zili m'pasipoti mwanu zimasonyeza masiku amene munachoka ndi kubwerera. Perekani makope okha. Zikalata zenizeni zikhale ndi inu.

Mabanki a kuno amagwiritsa ntchito kwambiri Chingerezi, choncho yambani mwalemba m'Chichewa zimene mukufuna kunena, kenako munthu wodalirika akumasulireni ndi kukuwerengerani musanasayine. Womasulirayo safunika kudziwa nambala yanu yachinsinsi ya khadi, ndipo nambala imeneyo isalembedwe m'kalata ngakhale pang'ono. Konzani makope awiri. Limodzi musiye ku nthambi ya banki, linalo akudindireni chidindo chokhala ndi tsiku, ndipo mufunse nambala ya dandaulo lanu. Popanda nambala imeneyi, mukadzabweranso mudzayambiranso kufotokoza kwa munthu wina ngati simunabwerepo.

Wogwira ntchito akakuuzani pakamwa kuti zatheka, mudzadziwa kuti zathekadi mukaona pa sitetimenti mzere wosonyeza kuti R100 ija yabwezedwa mu akaunti. Musanauone mzere umenewo, nkhani sinathe.

Banki ikakana, funsani chifukwa chake polemba. Ngati mukuona kuti anakudulani molakwika, mwachitsanzo anadula tsiku lisanakwane kapena anadula ndalama imene mulibe m'pangano, pamenepo si pemphonso ayi, ndi dandaulo. Mungalitengere ku National Financial Ombud Scheme, ofesi imene inayamba ntchito mu 2024 ndipo imamva madandaulo a anthu pa mabanki kwaulere. Iwo amafuna kuti muyambe mwadandaula ku banki yanu, ndipo n'chifukwa chake kope lodindidwa lija ndi nambala ija muyenera kuzisunga pamalo abwino.