Ngaka ya m'thumba imayamba kufa tsiku lomwe yagwidwa

Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wokumbukira Tsiku la Ngaka pa Dziko Lonse

Ndathokoza kuti mwasiya makasu m'minda nyengo ino ya mvula n'kudzakhala nafe Loweruka lachitatu la Febuluwale, tsiku lomwe mayiko amakumbukira ngaka.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa ife tinakula osaionapo ngaka ndi maso. Imayenda yokha, kawirikawiri usiku, ndipo masana imabisala m'mauna okumbidwa ndi nyama zina. Ena akaiona pa chithunzi amaiyesa m'bale wa ng'ona kapena ng'azi chifukwa cha mamba ake. Koma ngaka siikira mazira. Imabereka mwana wamoyo n'kumamuyamwitsa, ndipo mwa nyama zonse zoyamwitsa ndi yokhayo yomwe thupi lake linakutidwa ndi mamba. Mitundu yake yodziwika bwino ilipo 8, inayi ku Asia ndi inayi muno mu Africa. Yathu ya kuno ndi yoyenda pansi, siikwera m'mitengo, ndipo imayendera miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itanyamula pachifuwa, mchira uli m'malere kuti isagwe chamutu. Mukumbukire kayendedwe kameneka, chifukwa ndikafika kwa madokotala kabweranso.

M'kamwa mwa ngaka mulibe dzino ndi limodzi lomwe. Imafukula chisa cha nyerere kapena chiswe ndi zikhadabo zakutsogolo, n'kulowetsamo lilime lalitali, lopyapyala ndi lomata, lomwe tsinde lake lili kutali m'kati mwa thupi, kumunsi kwa chifuwa. Nyerere zimamezedwa zosatafuna, ndipo ntchito ya mano imagwiridwa ndi chifu cholimba, mothandizidwa ndi mchenga ndi timiyala tomwe imameza pakudyapo. Ndiponso siidya nyerere iliyonse. Imasankha mitundu yake ndi mphuno, ina n'kuilambalala.

Tsono mdani akafika, ngaka siithawa ndipo siiluma. Imadzipinda ngati nkhata, mutu n'kuubisa pamimba pomwe palibe mamba, mchira n'kuphimba pamwamba. Mkango umatha kuigubuduza ndi kuiluma mpaka kutopa, kenako n'kuchoka ndi njala yake. Nzeru imeneyi yaisunga ngaka kuyambira kalekale, koma pamaso pa munthu ndi yomwe imaipereka. Munthu safunika mfuti, msampha kapena galu. Amangowerama, kutola, kuponya m'thumba. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe ngaka ikutchedwa nyama yoyamwitsa yakutchire yozembetsedwa kwambiri padziko lonse.

Chifukwa china ndi msika. Ku China ndi ku Vietnam mamba a ngaka amaikidwa m'mankhwala achikhalidwe, omwe amati amathandiza mayi kutulutsa mkaka ndi kuchepetsa kutupa, ndipo nyama yake imadyedwa ndi anthu ofuna kuonetsa chuma. Ndinene mosapita m'mbali, mamba amenewa ndi keratini, chinthu chomwecho chopanga zikhadabo zanu ndi tsitsi lanu. Palibe kafukufuku wodalirika amene anapeza kuti amachiza matenda. Komabe ngaka za ku Asia zitachepa, ogula anatembenukira kuno. Mu Epulo 2019, pa doko la ku Singapore anatsegula kontena yochokera ku Nigeria yopita ku Vietnam, yomwe zikalata zake zinkati muli nyama yang'ombe yowundana. Anapezamo matani 12.9 a mamba, omwe akatswiri anati anachotsedwa pa ngaka pafupifupi 17,000. Patangopita masiku ochepa anagwiranso kontena ina yolemera pafupifupi chimodzimodzi. Tsopano ikani chiwerengero chimenecho pambali pa ichi: ngaka yaikazi imabereka mwana mmodzi, kamodzi pachaka ngati zinthu zili bwino, n'kumamubereka pamsana cha kutsinde kwa mchira kwa miyezi ingapo. Palibe mbewu ya nyama yobereka chonchi yomwe ingapirire kutapidwa ndi makontena.

Malamulo alipo, ndipo ndi amphamvu. Mu 2016, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda onse a ngaka pakati pa mayiko, mitundu yonse 8, ndipo chiletsocho chinayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017. Chaka chomwecho cha 2017 lamulo lathu loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa, ndipo ngaka ili m'gulu lotetezedwa koposa pamodzi ndi njovu ndi chipembere. Wopezeka nayo, yamoyo, yakufa kapena mamba ake okha, akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Mu Julayi 2020 khoti ku Lilongwe linagamula anthu 9 a gulu limodzi lozembetsa, ena mwa iwo akunja, pa milandu yokhudza ngaka, minyanga ya njovu ndi ya chipembere. Ku China nako, mu Juni 2020 boma linakweza chitetezo cha ngaka n'kuchotsa mamba ake pa mndandanda waukulu wa zopangira mankhwala, ngakhale kuti mankhwala ena okhala ndi mamba anatsalabe ololedwa, choncho msika sunatsekedwe kotheratu.

Koma zimene ndabwerera kudzanena sizili ku Singapore. Kuno kwathu, ndi kwa anansi athu a ku Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, ngaka zambiri zimagwidwa zikugulitsidwa zamoyo. Tiyeni tiitsatire imodzi.

Tinene kuti mnyamata wina wapeza ngaka ya makilogalamu 9 popita kukadula mitengo ya makala. Anamvapo kuti nyamayi ndi ya mamiliyoni. Waiika m'thumba la fetereza, waibisa m'nkhokwe kapena pansi pa bedi, wayamba kuimba mafoni kufuna wogula. Sakumudziwa wogulayo, ndiye nkhani ikudutsa kwa mlamu, kwa mnzake wa kabaza, kwa wina wa kutauni, aliyense akufuna gawo lake. Sabata yatha. M'thumba muja mukuchitika chiyani? Ngaka sinadye chilichonse, chifukwa siidya mgaiwa, kabichi kapena mkaka umene akuiikira. Madzi m'thupi akutha. Ikukanda usiku wonse kufuna potulukira mpaka zikhadabo kuzuka, ndipo ngati anaimanga ndi waya, wayayo walowa pansi pa mamba, chilonda chayamba mafinya. Mantha osalekeza amaibweretsera zilonda za m'mimba ndi kufooketsa chitetezo cha thupi, ndiye chibayo chimalowa mosavuta. Kunja ikuoneka yathunthu, popeza mamba amabisa kuwonda konse. Mnyamata uja akuganiza kuti katundu wake ali bwino, pomwe nyama ikufa. Ndipo si kamodzi kapena kawiri pomwe wogula wofika pa malo opanganawo amakhala wapolisi wovala zamba. Mamiliyoni aja sawaona, amaona unyolo, ndipo ana ake amatsala opanda wowalimira.

Ngaka yolanditsidwayo imapita kwa madokotala a zinyama, monga a bungwe la Lilongwe Wildlife Trust omwe amagwira ntchito ndi dipatimenti yathu. Choyamba ndi sikelo, kenako amayang'ana mmene ikudzipindira ndi mmene ikuyendera. Yamphamvu imadzikulunga zolimba moti manja a munthu sangaitambasule. Ikamatambasuka mosavuta, kapena ikamayendera miyendo yonse inayi mchira ukukwekwereza pansi, dokotala amadziwa kuti zinthu zafika poipa. Kuti aiyeze bwino amaigoneka ndi mankhwala opumira, n'kutenga magazi cha kumchira, kuona shuga, kumvetsera mapapo, kutsuka zilonda ndi kuiika diripi. Yofooka kwambiri amaipatsa chakudya chamadzimadzi kudzera m'kapaipi kofika m'mimba, pang'onopang'ono, chifukwa mimba yokhala masiku ambiri yopanda kanthu siilandira chakudya chambiri mwadzidzidzi.

Kapaipi n'kongodutsira. Ngaka imachira pokhapokha ikayambanso kudzifunira yokha nyerere, ndipo apa mpamene pali ntchito yosaoneka yomwe ndimailemekeza kwambiri. Tsiku lililonse wosamalira amainyamula kupita nayo kutchire, kumalo osaululidwa poopa akuba, n'kumaitsatira pambuyo kwa maola angapo ikufukula ndi kudya. Amaiyeza pa sikelo isanapite ndi pobwera, kuti adziwe ngati yadyadi. Izi zimatha masabata, ndipo kwa kamwana kolandidwa mayi wake zimatha miyezi yambiri. Kulemera kukabwerera ndi kukhazikika, amaimangirira kachipangizo kolondolera pa limodzi mwa mamba ake n'kukaimasula m'nkhalango yotetezedwa. Ngakhale pamenepo samaisiya. Asilikali oteteza nyama amailondola ndi kuiyezanso, chifukwa ikayamba kutsika thupi ndiye kuti malowo alibe nyerere zake kapena matenda abwereranso.

Ndisakubiseni, si zonse zimapulumuka. Zina zimaoneka ngati zachira, n'kufa patapita masiku angapo ndi chibayo chomwe chinayambira m'thumba. Ndipo tisadzinamize kuti tidzaziweta m'makola ngati mbuzi n'kuzichulukitsa. Ayesapo m'mayiko olemera, ndipo zambiri zimafa chifukwa cha chakudya ndi mantha. Chimene chimasiyanitsa kwambiri ngaka yopulumuka ndi yakufa ndi masiku omwe yakhala m'manja mwa anthu isanafike kwa dokotala. Ya tsiku limodzi nthawi zina imabwerera kutchire msanga. Ya masabata awiri imafika ili pakati pa moyo ndi imfa. Masiku amenewo sali m'manja mwa a CITES, ali m'manja mwa anthu a m'mudzi omwe amva kuti kwa uje kuli thumba logwedezeka.

N'chifukwa chake ndikupempha zinthu zomveka. Mukakumana ndi ngaka kutchire ili paulendo wake, isiyeni ipite, ndipo musalengeze malowo pa msika kapena pa foni. Ikasokera m'munda kapena pakhomo, ingitsani agalu ndi ana, musaitambasule mokakamiza, musaithire madzi m'kamwa poti angalowe m'mapapo, ndipo musapite nayo kunyumba n'cholinga choisunga, chifukwa kuisunga popanda chilolezo ndi mlandu. Dziwitsani amfumu, apolisi kapena asilikali oteteza nyama tsiku lomwelo. Kwa inu apolisi ndi a makhoti, pempho langa ndi lakuti ngaka yamoyo isagone m'chipinda cha umboni kudikira tsiku la mlandu. Ijambulidwe, iyezedwe, zikalata zilembedwe, ipite kwa dokotala mwachangu. Ndipo wobweretsa uthenga dzina lake lisungidwe mwachinsinsi, apo ayi mawa palibe adzayankhule.

Gogo Chalo ndi mafumu anga, inu ndi amene mumamva nkhani za m'mudzi zisanafike kwa wina aliyense. Mukamva kuti mwana wanu wina wasunga ngaka, muitaneni usiku womwewo, mumuuze za zaka 30 zija, ndipo muitane oteteza nyama nyamayo ikadali ndi mphamvu zodzipinda.